Gemu ya maola 100 kapena ya usiku umodzi: wotanganidwa asankhe iti?

Kunyumba kwanga nthawi yosewera imapezeka cha m'ma 9 koloko usiku, ana atagona, mayunifolomu a mawa atasitidwa. Imakhala ola limodzi, osati tsiku lililonse ayi. Anzanga ambiri amene tinkachezera limodzi pa PlayStation tili anyamata ali momwemo: chikondi cha magemu chilipobe, koma ntchito, banja, tchalitchi, maukwati ndi maliro zidagawana nthawi yonse. Ndiye funso limene timakangana kawirikawiri ndi lakuti, ndalama ndi kanthawi kochepa kamene tili nakoka tiziike pa gemu imodzi yaikulu ya miyezi yambiri, kapena pa timagemu tatifupi tomwe timatha sabata yomweyo?

Ambiri poyankha amayang'ana chiwerengero cha maola a gemu yonse. Ine ndaona kuti chofunika kuposa pamenepo ndi zinthu ziwiri za moyo wanu: mukakhala pansi mumasewera nthawi yaitali bwanji, ndipo pamadutsa masiku angati musanakhalenso pansi. Gemu iliyonse imakulipiritsani mphindi zingapo zolowera nthawi zonse mukabwerera, ndipo magemu amasiyana kwambiri pa mtengo umenewu.

Tiwerengere ndi gemu imodzi yeniyeni

Titenge The Witcher 3: Wild Hunt, yomwe kampani ya ku Poland ya CD Projekt Red idatulutsa mu 2015. Wongotsata nkhani yaikulu amaimaliza pa maola pafupifupi 50. Wochitako ntchito zapambali zikuluzikulu amafika cha pa maola 100. Ziwerengero zotere mungazione pa webusaiti ya HowLongToBeat, pomwe osewera amalemba okha nthawi imene gemu idawatengera. Pamenepo pali magawo atatu, Main Story, Main + Extra ndi Completionist. Munthu wokonda kusuzumira paliponse aziyang'ana lachiwirilo, chifukwa loyambalo limanena za munthu wothamanga wosatembenuka.

Tsopano tinene kuti muli ndi maola 4 pa sabata: ola limodzi Lachiwiri, lina Lachinayi, awiri Loweruka. Pa pepala, maola 50 ndi masabata 12 ndi theka. Koma maola 4 amenewo sapita onse m'masewera. Mukayatsa makina mumadikira gemu itseguke, nthawi zina ifuna kaye kudawuniloda zokonza zatsopano. Mukalowa mumatsegula mapu kuti muone pomwe mudalekera, muwerenge mndandanda wa ntchito kuti mukumbuke chifukwa chimene mudabwerera m'mudzi uno, muone ngati lupanga lawonongeka, mugulitse katundu amene wakulemerani. Kwa ine zimenezi zimadya mphindi 15 ulendo uliwonse. Katatu pa sabata ndi mphindi 45, kutanthauza kuti masewera enieni ndi maola 3 ndi mphindi 15. Maola 50 aja asanduka masabata opitirira 15.

Ndipo palibe munthu wamkulu amene amasewera sabata iliyonse mosadumphitsa. Kubwera alendo ochokera kumudzi, mwana atentha thupi, ku ntchito kukhala malipoti a kumapeto kwa mwezi. Sabata imodzi mwa anayi aliwonse ikatayika chonchi, nkhani yaikulu yokha ikutengerani masabata 20, pafupifupi miyezi isanu. Mukafuna ya maola 100 ija, ndi masabata 41. Mwayamba mvula ikuyamba, mudzamaliza kukutentha kwa chaka chinacho.

M'maola 50 omwewo mukhoza kumaliza magemu 12 a maola 4. Apo ndi pamene pali kusankha kwenikweni, ndipo sindikunena kuti 12 ndiwo apambana imodzi.

Zimene gemu yaitali imapatsa, zomwe yaifupi singathe

Pali chinthu chimene nthawi yokha ndiyo imapanga. Mu Red Dead Redemption 2, ya 2018, mumakhala ndi gulu la Arthur Morgan pa msasa kwa maola makumi angapo. Mumamva anthu akucheza pamoto, mumadziwa woledzera, wamantha ndi wokhulupirika. Gulu likayamba kupasuka kumapeto, zimapweteka chifukwa anthuwo mwakhala nawo miyezi. Nkhani yomweyo itafinyidwa mu maola 3 singakhudze mtima chimodzimodzi. Mu The Witcher 3 namonso, nkhani ya Bloody Baron ku Velen, bambo wachidakwa amene mkazi ndi mwana wake adamuthawa, imatenga maola angapo, ndipo mphamvu yake ili pa kumudziwa munthuyo pang'onopang'ono mpaka kulephera kumuweruza mophweka.

Gemu yaitali imapatsanso malo ozolowereka. Pobwera kuntchito mutu utatopa, kuphunzira malamulo a gemu yatsopano ndi ntchito ina. Kubwerera m'dziko limene mukudziwa kale misewu yake ndi mabatani ake kumapumitsa. Pa ndalama napo yaitali imapambana poyera. Gemu ya zaka zingapo zapitazo imatsika mtengo kwambiri pa nthawi ya maselo, ndipo chimbale cha kaunjika cha PS4 mungachigule kapena kusinthana ndi mnzanu. Ngati pachaka mungakwanitse kugula gemu imodzi kapena ziwiri basi, ya maola 100 ikusungani chaka chonse.

Pomwe imagwera ndi pamene mwaisiya masabata atatu. Ine The Witcher 3 ndidaisiya koyamba nditafika mu mzinda wa Novigrad m'gemumo, chifukwa cha maliro kumudzi ndi ntchito imene idaunjikana nditabwerako. Nditayatsanso patapita mwezi, mayina a pa mndandanda wa ntchito sankandiuza kanthu. Zala zidaiwala batani lozembera, sindinkakumbukanso kuti pa matsenga a m'gemumo Quen ndiyo imatchinga pamene Igni ndi ya moto, ndipo adani a pamalo amene ndidalekera ankayembekeza munthu wa luso la maola 30. Ndidafa kangapo, ndidazimitsa. Maganizo oyamba adali akuti ndiyambirenso pachiyambi, koma kubwereza maola 30 ndi miyezi ina iwiri kapena itatu. Magemu aatali ambiri amafera pamenepa, osati chifukwa ndi oipa.

Chizindikiro choti gemu yayamba kukupulumukani n'chosavuta kuona. Mukapeza ola lanu lija, n'kuona kuti dzanja lapita pa foni m'malo mwa kontilola chifukwa kuganiza zolowanso m'gemumo kukukulemerani, ndiye kuti mtengo wolowera wakula kuposa chisangalalo.

Si magemu aatali onse amene ali ofanana

Apa ndi pamene kungowerenga maola kumasocheretsa. Baldur's Gate 3, ya Larian Studios ya ku Belgium, 2023, ndi yaitali zedi, koma imamukomera mtima munthu wotanganidwa. Nkhondo zake n'zosinthana, inu mumenye kenako mdani, choncho mwana akalira mumangoika kontilola pansi, palibe chimene chichitike mpaka mutabwerera. Mungaseve pafupifupi paliponse, ngakhale pakati pa nkhondo. Ili ndi buku lolemba zimene mwachita ndi zimene zatsala. Zala sizifunika kukumbukira liwiro lililonse.

Elden Ring, ya FromSoftware, 2022, ili mbali inayo. Ilibe batani loimitsira masewera, ndiye wina akagogoda pachitseko muli pakati pa nkhondo ndi bosi, mdani wamkulu, mwafa. Ilibe mndandanda wa ntchito wokukumbutsani amene adakutumani ndi kumene mumapita. Luso lake limakhala m'zala, ndipo limazirala mukapumira. Bosi mmodzi angakudyereni ola lonse la Lachiwiri ndi la Lachinayi osasuntha. Kwa amene amakonda kulimbana kotere, kumugonjetsa Loweruka kumakoma kuposa china chilichonse, ndipo sindingamuletse. Koma ayambe akudziwa kuti gemuyi imafuna kuigwira pafupipafupi, ngakhale mphindi 30, kusiyana ndi maola 4 kamodzi pa masabata awiri.

Persona 5 Royal ili pakati. Imatenga maola oposa 100, koma idagawidwa m'masiku a pa kalendala, moti ndi yosavuta kunena kuti ndisewera masiku atatu ndigone. Vuto lake ndi loti maola oyambirira amakhala ophunzitsa ndi kucheza kwambiri, ndipo mukalowa m'nyumba za adani mumaseva pokhapokha mutafika m'chipinda chotetezeka. Kwa munthu wa maola 4, sabata yoyamba kapena ziwiri zimatha gemu isanakumasuleni.

Choncho musanagule yaitali, fufuzani zinthu zitatu: ngati imaima mukafuna, ngati imaseva paliponse, ndi ngati imakukumbutsani zimene mumachita. Ikalephera ziwiri mwa zitatuzi, ndi gemu ya nthawi ya holide.

Zaifupi zomwe zimafika pamapeto

Ndikati gemu yaifupi yathunthu sindikunena zamasewera a pa foni osatha aja okhala ndi zotsatsa malonda. Ndikunena gemu yokhala ndi chiyambi, pakati ndi mathero, yomwe opanga ake adadula zonse zosafunika.

Inside, ya kampani ya ku Denmark ya Playdead, 2016, ndi chitsanzo chimene ndimapereka kwa aliyense. Imatha pa maola 3 kapena 4. Mumayendetsa kamnyamata kothawa m'nkhalango usiku, ndipo zochita ndi kuyenda, kudumpha ndi kugwira basi. Mulibe mawu olankhulidwa ngakhale amodzi, choncho Chingerezi sichitchinga aliyense. Mukafa mumayambira pafupi pomwepo. Mukaisiya Lachiwiri n'kubwerera Loweruka, palibe choti mukumbukire, mtengo wolowera ndi mphindi imodzi. Mwa maola 4 anu, pafupifupi onse amapita m'masewera, ndipo pofika Loweruka usiku mwaona mathero ake, amene anthu amakambirana mpaka lero.

Portal, ya Valve, 2007, imatenga maola ngati 3 ndipo idagawidwa m'zipinda zoyesera, chilichonse ndi mwambi wake. Chipinda chimodzi kapena ziwiri ndi zokwanira usiku umodzi, komanso imayenda pa laputopu yakale. A Short Hike, ya 2019, ndi kambalame kokwera phiri pa chilumba, maola osafika 2 ngati simukuzungulira kwambiri, ndipo ndi yabwino kusewera mwana ali pambali. Journey, ya 2012, ndi maola 2, koma imeneyo isungireni Loweruka kuti muimalize ulendo umodzi, chifukwa idapangidwa ngati ulendo umodzi wosadukiza. Wopanda makina aakulu ali ndi Monument Valley pa foni, ya 2014, yomwe imatha m'maola ochepa.

Chimene magemu awa amabwezera munthu wamkulu ndi kumaliza. Moyo wathu wadzaza ndi zinthu zosatha: nyumba yomangidwa pang'onopang'ono, ngongole, fizi ya temu ndi temu. Kuona mayina a opanga akudutsa pa sikirini, n'kudziwa kuti nkhani yonse mwaimva, kumakhazika mtima pansi mwa njira imene gemu yosiyidwa pakati singathe.

Koma nazonso zili ndi zovuta zake, ndipo okonda magemu aafupi sakonda kuzitchula. Choyamba ndi mtengo: gemu ya maola 3 yogulidwa pa mtengo wake wonse ingadule pa ola kuposa yaikulu kangapo, ndipo zambiri mwa izi zimagulidwa pa intaneti pokha, kutanthauza khadi yolipirira kunja, popanda mwayi wosinthana ndi mnzanu. Chachiwiri, gemu iliyonse yatsopano imafuna kuisankha, kuigula, kuidawuniloda ndi kuiphunzira. Magemu 12 ndi ntchito imeneyi ka 12. Ndaonapo anthu akutha ola lawo lonse akuyang'ana mndandanda osasankha kanthu.

Chachitatu, kufupika sikutanthauza kuti gemu imapirira kuisiya. Return of the Obra Dinn, ya Lucas Pope, 2018, imatha pa maola osafika 10, koma ntchito yanu ndi kuzindikira anthu 60 a m'sitima yapamadzi, aliyense dzina lake ndi chimene chidamuchitikira. Gemu imakutsimikizirani mayankho atatuatatu. Umboni wambiri umakhala m'mutu mwanu: nkhope imene mudaiona pakona, kalankhulidwe ka munthu, malo amene amagona. Mukaisiya masabata awiri mwataya ulusi wonse, kuposa mmene mungautayire mu The Witcher 3. Ndi gemu yabwino kwambiri, koma yofuna sabata imene mukudziwa kuti mupezeka usiku ndi usiku.

Njira yachitatu: yaitali yodulidwa m'zidutswa

Pali mtundu wina umene umathawa mkanganowu. Hades, ya Supergiant Games, 2020, imaseweredwa m'maulendo. Mumayesa kuthawa kudziko la akufa, ulendo umodzi umatenga mphindi 30 mpaka 45, mukafa mumabwerera kunyumba n'kupeza anthu ali ndi mawu atsopano, nkhani yasuntha pang'ono. Kuti muone mathero a nkhani yaikulu muyenera kuthawa bwinobwino ka 10, zomwe zimatenga maola makumi angapo, koma usiku uliwonse umakhala wathunthu pawokha. Gemu imaseva mukalowa m'chipinda chatsopano, moti mungalekere pakati pa ulendo. Ilinso ndi God Mode, yomwe imakulimbitsani pang'ono nthawi iliyonse mukafa, ndipo munthu wa nthawi yochepa asachite nayo manyazi.

Stardew Valley, ya 2016, imayenda ndi masiku a pamunda a mphindi ngati 14. Chenjezo lake ndi lakuti imaseva pokhapokha munthu wanu akagona, choncho mukazimitsa tsiku lisanathe, zonse za tsikulo zapita.

Ngozi ya mtundu umenewu ndi mawu akuti "kamodzi kokha komaliza". Poti chidutswa chilichonse n'chachifupi, n'kosavuta kuwonjezera china, ndipo 10 koloko imasanduka 1 koloko. Amene amasewera mpira wa pa gemu akudziwa zimenezi. Ngati mumadzuka 5 koloko, tulo timeneto ndi mtengo weniweni.

Magetsi ndi bandulo

Kwa ife osewera kuno kwathu, pali zinthu ziwiri zimene zimasintha kuwerengera konseku. Red Dead Redemption 2 ndi Baldur's Gate 3 zimafuna malo okwana 150 GB pa kompyuta. Pa PS4, Red Dead Redemption 2 idabwera pa zimbale ziwiri. Kudawuniloda zotere ndi bandulo ya pa foni ndi ndalama zimene zingapose mtengo wa gemuyo, ndipo zokonza zatsopano zimabwerabe pambuyo pake. A Short Hike sifika 1 GB. Wofuna yaikulu afune ya pa chimbale, kapena akadawunilodire kumene kuli intaneti yosawerengera.

Chachiwiri ndi kuthima kwa magetsi. Makina amakono ali ndi njira yogonekera gemu kuti mudzapitirize pomwepo, monga Rest Mode pa PlayStation. Njirayi imachepetsa kwambiri mphindi zolowera zija, koma imadalira magetsi kukhalapo. Akathima makina ali m'tulo, zimene simudaseve zapita, ndipo poyatsa makina amayamba afufuza kaye ngati posungira pawonongeka. Ine ndidaleka kuidalira; ndimaseva ndi dzanja n'kuzimitsiratu. Apa Nintendo Switch, laputopu ndi foni zili ndi mwayi chifukwa zili ndi batire, ndipo gemu yaitali imene ingalephereke pa TV ingatheke pa Switch, poti mumadina batani limodzi n'kupezeka pomwe mudalekera.

Nanga ine ndimachita bwanji?

Ngati nthawi yanu imabwera mwa apo ndi apo, sabata ino maola 5, masabata awiri otsatira osagwirako, sankhani zaifupi. Yaitali idzakusiyani ndi mtima wodziimba mlandu basi. Ngati nthawi yanu ndi yochepa koma yokhazikika, mphindi 40 masiku ambiri, Hades ndi anzake adapangidwira inu, ndipo yaitali yopambana mayeso atatu aja ingathekenso. Ngati vuto lalikulu ndi ndalama osati nthawi, tengani yaitali imodzi, muisankhe mosamala.

Ine pano ndimatenga yaitali imodzi pachaka, ndipo ndimaiyamba pa holide ya Disembala kuti maola 10 oyamba, ophunzira mabatani ndi kudziwa anthu, adutse mosadukiza. Miyezi ya ntchito yambiri ndimasewera zaifupi. The Witcher 3 ndidadzaimaliza pa ulendo wachiwiri nditasintha zinthu zitatu. Ndidatsitsa kulimba kwake kufika pa Just the Story! kuti zala zikaiwala ndisamafe. Ndidazimitsa zizindikiro za mafunso pa mapu, zomwe ku zilumba za Skellige zadzaza nyanja yonse ndipo zambiri mwa izo ndi mabokosi a katundu chabe. Ndipo usiku uliwonse ndisanazimitse ndinkagulitsiratu katundu, kukonzetsa lupanga, kuimika Geralt, munthu amene mumamuyendetsa m'gemuyi, pakhomo pa ntchito yotsatira, n'kulemba mizere iwiri mu foni: ndili kuti, ndikufuna ndani, chifukwa chiyani. Mphindi 15 zolowera zija zidatsika kufika pa 3 kapena 4, ndipo ngakhale nditadumphitsa masabata awiri mu Malichi, ndidawerenga mizere yanga iwiri n'kupitiriza pomwepo.